Nyimbo Ili ndi Mwini, Ngakhale Itaoloka Malire

Munthu akaba mbuzi ku Guilleme n'kuthaŵa nayo ku Chipata, mudzi wonse umadziŵa kuti pachitika umbava. Koma akatenga nyimbo ya mnzake n'kumaigulitsa, ambiri amangoti mwiniyo asangalale poti watchuka. Maganizo ameneŵa ngolakwika, ndipo lamulo la dziko lino siligwirizana nawo.

Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso, lomwe ena amalitcha kopiraiti, linakhazikitsidwa m'Malaŵi muno mu 1989, ndipo lina latsopano linaloŵa m'malo mwake mu 2016. Likunena kuti wopeka nyimbo ndiye mwini wake kuchokera pomwe waipeka, popanda kuyamba wakalembetsa ku ofesi iliyonse. Ndiye yekha angaloleze kuti ijambulidwe, igulitsidwe, iulutsidwe pa wailesi kapena isinthidwe mawu. Ufuluwu umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira.

Tsono vuto lagona pa umboni. Mwachitsanzo, mphunzitsi wa kwaya ku Guilleme wapeka nyimbo, kwaya yakaijambulitsa ku situdiyo ku Lilongwe, ndipo patapita miyezi yoŵerengeka ikupezeka pa timakadi ta m'mafoni pa msika wa Kamwendo, pomwe woimba wina ku Chipata waijambulanso m'dzina lake. Mphunzitsiyo akangoti “njanga”, winayo adzateronso. Chomuthandiza ndi kope lomwe analembamo mawu ndi tsiku lake, mawu oyamba omwe anajambula pa foni pophunzitsa kwaya, lisiti la ku situdiyo, ndi oimba omwe angaikire umboni. Amene analembetsa nyimbo zake ku bungwe la Cosoma, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ali pabwino koposa, chifukwa dzina lake ndi la nyimbo zili m'kaundula, ndipo bungwelo limamtolerera ndalama ku mawailesi ndi malo achisangalalo.

Nkofunikanso kudziŵa kuti m'nyimbo imodzi yojambulidwa muli eni angapo. Wopeka ali ndi mawu ndi maimbidwe ake, oimba ali ndi gawo lawo, ndiponso amene anakonza ndi kulipirira kujambulako ali ndi ufulu pa chojambulidwacho. Wa pa msika uja walakwira onseŵa, koma wa ku Chipata, poti anaimba yekha, walakwira wopeka. Makwaya ambiri amakangana kaamba kosalemberana zimenezi ndalama zisanaoneke.

Mwini akazindikira kuti nyimbo yake yatengedwa, asathamangire kukalanda kompyuta ya munthu, pakuti mlandu ungamtembenukire. Ayambe wagula kadi imodzi pamaso pa mboni, alembe tsiku ndi malo, kapena ajambule pomwe nyimbo ikumveka pa wailesi. Kenaka alembe kalata yomuuza wolakwayo kuti aleke kapena abwere adzagwirizane za malipiro, n'kusunga kope la kalatayo. Zikakanika apite ndi umboni wake ku Cosoma ku Lilongwe, yomwe imagwira ntchito ndi apolisi polanda nyimbo zokopedwa mwakuba. Bwalo la milandu lili ndi mphamvu yoletsa kugulitsako ndi kulamula chipukutamisozi, ngakhale njirayi njodula ndi yochedwa, kotero kuti pa wogulitsa timakadi kalata ndi chenjezo zimapindula kuposa loya.

Nanga wa kutsidya kwa malire a Mwami? Malaŵi analoŵa m'pangano la ku Berne mu 1991 ndipo Zambia analoŵa mu 1992. Panganoli likuti nyimbo ya Mmalaŵi itetezedwe ku Zambia monga momwe imatetezedwera ya mbadwa ya kumeneko. Mlandu ungazengedwe komweko potsata lamulo lawo, ndipo nchanzeru kupempha Cosoma kuti ilankhule ndi bungwe linzake la Zamcops.

Pali zinthu ziŵiri zomwe zingagwetse mphunzitsi uja. Choyamba, ngati anangoika mawu atsopano pa nyimbo ya makolo, monga ya chimtali kapena ingoma, ake ndi mawu okhawo, pakuti nyimbo za makolo lamulo linaziika m'manja mwa Boma m'malo mwa mtundu wonse. Chachiŵiri ndi kusaina pepala losaliŵerenga. Solomon Linda wa ku South Africa anajambula “Mbube” mu 1939 napereka ufulu wake pa kandalama kochepa. Nyimboyo inalemeretsa ena kunja, iye namwalira mu 1962 ali mmphaŵi, ndipo ana ake anagwirizana za malipiro ndi kampani ya ku Amereka mu 2006 atavutika m'mabwalo. Wa situdiyo akatulutsa pepala, woimba aone ngati likunena zobwereketsa nyimbo kwa zaka zoŵerengeka kapena zoigulitsiratu, ndipo apite nalo kunyumba akaŵerenge asanaikepo dzina.