WERENGANI MALAMULO MUSANABECHE: CIFUKWA CACE TIKITI YOPAMBANA NTHAWI ZINA SILIPIDWA

Awerengi athu a ku Mwami, ku Feni, ku Kapata ndi m'midzi yonse yozungulira Chipata adziwa kuti masiku ano kubecha pa mpira kwalowa m'makomo ambiri kupyolera m'lamya za m'manja. Ndalama ya nshawa kapena ya mpendadzuwa icoka m'thumba mwakacetecete, ndipo dandaulo limene limveka kawirikawiri ndi lakuti: "Ndinapambana, koma akampani angondibwezera ndalama yanga cabe." Sabata ino tifuna kulongosola mmene zimenezi zicitikira, pakuti safunsa anadya phula.

Munthu aliyense wotsegula akaunti yobechera amavomereza malamulo a kampaniyo, amene pa lamya alembedwa kuti "Terms and Conditions". Ambiri amangodinikiza osawerenga, koma malamulowo ndiwo pangano lenileni, ndipo ali ndi mphamvu kuposa tikiti imene muli nayo. M'kati mwace muli mau awiri ofunika kuwafunafuna.

Mau oyamba ndi akuti "void". Tanthauzo lace ndi lakuti kubechako kwafafanizidwa, ngati kuti sikunacitike. Izi zimacitika makamaka masewera akaimitsidwa asanathe, kapena akakankhidwira ku tsiku lina. Kampani iriyonse imaika nthawi yace yodikira. Ena amadikira maola 24, ena maola 48, ndipo masewerawo akapanda kucitika m'nthawi imeneyo, kubechako kumafa. Ngati munabecha pa masewera amodzi okha, ndalama yanu imabwezedwa yopanda phindu.

Bvuto limakula pamene munthu wasanjikiza masewera angapo pa tikiti imodzi. Tiyeni tiyerekeze kuti mwaika K20 pa masewera atatu. Maodzi, ndiko kuti nambala imene ndalama yanu icurukitsidwa nayo mukapambana, ndi 1.50 pa Power Dynamos, 2.00 pa Zesco United, ndi 3.00 pa Nkana. Mukacurukitsa manambala atatuwa mupeza 9.00, motero tikiti ilonjeza K180. Tsono mvula yamphamvu yaletsa masewera a Nkana. Mwa lamulo lofala, masewera ofafanizidwa amawerengedwa pa 1.00, ndipo pamatsala 1.50 kucurukitsa ndi 2.00, imene ndi 3.00. Matimu awiri aja akapambana mulandira K60, osati K180. Pamenepa palibe wakuberani. Ndi mmene pangano linalembedwera.

Mau aciwiri ndiwo obweretsa mikangano yaikuru. Ena amalemba kuti "palpable error", ena "obvious error", ndipo onsewa atanthauza colakwa coonekeratu pa mtengo umene kampani inaika. Lamulo limeneli limapatsa kampani ufulu wofafaniza tikiti, kapena woilipira pa mtengo umene ikuti ndiwo unali woyenera, ngakhale masewera atatha kale. Zolakwa zotere zimadza pamene wolemba wasuntha kadontho ka m'nambala, pamene mitengo ya matimu awiri yasinthanitsidwa, kapena pamene makina acedwa kusintha mtengo cigoli citalowa kale.

Mwacitsanzo, timu yamphamvu yosewera pakwao iyenera kukhala pa 1.50, koma pa lamya paoneka 15.00. Munthu aikapo K50 nayembekeza K750. Kampani ikazindikira colakwaco, idzamubwezera K50 yace, kapena idzamulipira K75 monga mwa mtengo wa 1.50. Ciri cofunika kudziwiratu kuti malamulo a kampani yanu asankha njira iti mwa ziwirizi, ndiponso ngati alongosola kukula kwa kusiyana kumene akukucha colakwa. Malamulo amene angoti kampani idzaweruza yokha monga ifunira, osachula muyeso uliwonse, asiya wobecha alibe pogwira.

Kodi munthu angazindikire bwanji mtengo wolakwika asanataye ndalama? Njira yoyamba ndiyo kuyang'ana mtengo wa masewera omwewo ku makampani ena awiri. Mitengo imasiyana pang'ono cabe, monga 1.45 ndi 1.55, koma ngati onse ali pafupi ndi 1.50 ndipo mmodzi yekha ali pa 15.00, cimeneco ndi cikomekome ca nkhuyu. Njira yaciwiri ndi ya masamu apafupi. Gawani 100 ndi mtengo uliwonse mwa itatu ija, wa kupambana, wa kulepherana ndi wa kugonja, ndipo muphatikize mayankho. Pa mitengo ya 1.50, 4.00 ndi 6.00 mupeza pafupifupi 67, 25 ndi 17, pamodzi 109. Nambalayi iyenera kupitirira 100, pakuti copitiriraco ndico phindu la kampani. Koma mukaika 15.00 m'malo mwa 1.50, mupeza 7, 25 ndi 17, pamodzi 49. Palibe kampani imene ingaike mitengo yotere mwadala, ndipo tikiti yoteroyo iri pangozi yofafanizidwa.

Taonaninso kuti cuma ca wobecha ndico cikhala pa ngozi koposa. Tikiti ya mtengo wolakwika ikapambana, kampani iri ndi cifukwa coiunika ndi kuifafaniza. Koma ikagonja, kulibe citsimikizo cakuti wina adzakumbukira kubweza ndalamayo.

Sikuti kampani imapambana mlandu nthawi zonse ai. Mu Seputembala 2018, ku New Jersey m'dziko la Amereka, makina a kampani ya FanDuel anaika mtengo wa 750 pa 1 pa timu ya Denver Broncos, imene inali pafupi kupambana. Munthu wina anaikapo madola 110, ndipo tikiti yace inaonetsa madola oposa 82,000, pamene mtengo woyenera ukadampatsa phindu la madola pafupifupi 18 cabe. Poyamba kampani inakana kulipira, koma nkhaniyo itabuka ndi kufika kwa akuru a boma oyang'anira njuga, inalipira. Ku Mangalande nako, mu Epulo 2021, khoti lalikuru linalamula kampani ya Betfred kulipira mapaundi 1.7 miliyoni kwa munthu amene anapambana mu 2018 pa masewera a pa lamya, ngakhale kampaniyo inati makina analakwa. Woweruza anapeza kuti malamulo amene kampani inadalira sanalembedwe momveka ndipo sanaonetsedwe bwino kwa wobechayo. Komabe tikumbukire kuti mlanduwo unatenga zaka zitatu ndi maloya, zimene mlimi wa kwa Mpezeni sangazikwanitse cifukwa ca K750.

Tikiti yanu ikafafanizidwa, sungani umboni: nambala ya tikiti, cithunzi ca mtengo ndi nthawi imene munabechera, ndi uthenga wa ndalama wa pa lamya. Lembani kwa akampani kuwapempha kuti achule ndime ya lamulo imene agwiritsa nchito ndi mtengo umene akuti unali woona. Akakana kuyankha, dandaulo lipite ku bungwe la boma limene linawapatsa laisensi. Kuno ku Zambia lamulo la kubecha ndi Betting Control Act, Mutu 166 wa malamulo a dziko. Inu a pa malire a Mwami cenjerani kopambana: mukabecha ndi kampani ya laisensi ya ku Malawi mutaolokera ku Mchinji, mlandu wanu uli m'manja mwa bungwe la kumeneko, la Malawi Gaming and Lotteries Authority. Ndipo kampani yopanda laisensi m'dziko liri lonse mwa awiriwa iribe amene angaikakamize kukuyankhani.

Motero musanaike ngakhale ngwee imodzi, pezani ndime ziwiri zija ndi kuziwerenga, kapena pemphani mwana wa sukulu akumasulireni. Ngati simunazimvetse, ndalamayo ikhale m'thumba, idikire feteleza.