Akakuitanani kusukulu kuti mwana wanu akuvutitsa anzake, lamba musamugwire

Makolo anzanga, lero sitikamba za malungo kapena kuthamanga kwa magazi. Tikambe za tsiku lija mwana amabwera ndi kakalata kochokera kwa ahedi koti mawa mukaonekere kusukulu.

Mayi wina anabwera kuchipatala ndi mnyamata wa zaka 11, wa Sitandade 5, mkono utatupa. Anati wagwa mumtengo wa mango. Nditamuvula malaya ndinapeza mizere pamsana, ndipo mtengo wa mango susiya mizere yotero. Apa m'pamene mayi aja anaulula. Dzulo lake anawaitana kusukulu chifukwa mnyamatayo wakhala akulanda mwana wa Sitandade 2 ndalama yogulira zitumbuwa, K200 tsiku lililonse, kwa milungu itatu. Bambo ake atamva anavula lamba, ndipo mkono uja ndi umene ankatchingira kumaso. Mwamwayi fupa silinathyoke.

Sindikuikira kumbuyo mwanayo ayi. Kamwana kenakake kanakhala milungu itatu kakuopa kupita kusukulu chifukwa cha iye, ndipo mayi wa kamwanako ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma taganizani bwino. Mlandu wake unali woti iye wamkulu anagwiritsa ntchito mphamvu pa wamng'ono amene sangabwezere. Nanga madzulo aja kunyumba kunachitika chiyani chosiyana ndi chimenecho? Mwana womenyedwa chonchi kawirikawiri saphunzira chifundo. Amaphunzira kusamala kuti asagwidwenso, ndipo mawa lake akhoza kukamuopseza mnzake uja kuti ukanenanso uona.

Palinso makolo ena amene amafika kuofesi kwa ahedi atamanga kale chitenje, n'kumati mwana wanga sangachite zimenezo, aphunzitsi akungomuda. Mwana akamva mawu amenewo amadziwa kuti ali ndi loya waulere. Kunena zoona, ana ambiri ovutitsa anzawo kunyumba amakhala aulemu ndithu, ogwada popereka madzi. Khalidwe la pabwalo la sukulu inu simuliona.

Ndiye mukafika kusukuluko, khalani pansi mufunse ngati mmene ife timafunsira wodwala. Chinachitika n'chiyani kwenikweni? Liti, pati, kangati, anaona ndani? Mafunsowa si okanira mlandu, koma okuthandizani kusiyanitsa ndewu ndi kuvutitsa. Ana awiri amsinkhu umodzi akamenyana kamodzi chifukwa cha mpira, imeneyo ndi ndewu. Kuvutitsa kumachitika mwadala, mobwerezabwereza, ndipo mmodzi amakhala ndi mphamvu kuposa mnzake, kaya za thupi, za msinkhu kapena za gulu limene lili kumbuyo kwake. Sikuti mpaka pakhale chibakera. Kumutchula mnzake dzina lonyoza tsiku ndi tsiku, kapena kuuza ena kuti asamasewere naye, n'kuvutitsanso. Mukamva zonse, ingonenani kuti mwamva, mukakambirana naye, ndipo mubweranso tsiku lakuti. Kunyumba kwa mwana winayo musathamangireko mtima uli m'mwamba.

Kunyumba dikirani mtima ugwe. Adye kaye, inunso mudye. Kenako mukhale awiri, popanda abale ake oti azimuseka. Funso loti "n'chifukwa chiyani unachita zimenezi" silikupatsani kanthu, mwana amangoyang'ana pansi. Nenani kuti, "Aphunzitsi andiuza za ndalama za mwana uja. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Lachiwiri pa buleki zinayamba bwanji?" Akayamba kulankhula musamudule, ngakhale mukuona kuti akuzembazemba. Ambiri amati timangosewera. Pamenepo funsani modekha kuti, "Iyeyo ankaseka nawo? Akakuona ukubwera amatani?" Mwana akayankha yekha kuti amathawa, wafika pamene lamba sakanamufikitsa.

Mnyamata wathu uja, ndikumumanga bandeji, ndinamufunsa kuti ndalamazo ankagulira chiyani. Anakhala chete kanthawi, kenako anati sankagulira kanthu. Anyamata awiri a Sitandade 7 ankamudikirira panjira, ndipo akapanda kuwapatsa ndalama ankamumenya. Mayi ake anagwira pakamwa. Palibe amene anali atamufunsa funso limeneli, kusukulu ngakhale kunyumba. Zimenezi sizikufafaniza kulakwa kwake, koma mukanangomulanga n'kusiyira pomwepo, Lolemba anyamata aja akanamudikirirabe panjira, ndipo iye akanapeza kamwana kena kolanda.

Si mwana aliyense ali ndi nkhani yobisika chonchi. Ena amangokonda kuti anzawo aziwaopa ndi kuwasekerera. Komabe fufuzani. Kodi amachoka m'mawa atadya? Amagona nthawi yanji? Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wogona mochedwa chifukwa cha foni kapena filimu sachedwa kupsa mtima. Ngati anabwereza kalasi ndipo ana aang'ono amamuseka akamalephera kuwerenga, mubwere naye timuone makutu ndi maso, chifukwa mwana wosamva bwino amatsalira m'kalasi anthu n'kumamuyesa wamwano. Ndipo funso lowawa ndi ili: m'nyumba mwanumo, anthu akasemphana mawu zimatha bwanji?

Chilango chikhalepo, koma chigwirizane ndi mlanduwo. Ine ndi mayi aja tinawerengera limodzi: K200 kwa masiku 15 a sukulu ndi K3,000. Ndinawalangiza kuti ndalamayo ibwezedwe msanga, koma mnyamatayo aigwirire ntchito pakhomo Loweruka lililonse m'malo mopita kumpira, mpaka itakwana. Kupepesa kuchitike pamaso pa mphunzitsi, osati pa asembule, ndipo atchule chimene analakwa: "Ndinkakulanda ndalama, ndinalakwa, sindidzachitanso." Wolakwiridwayo asakakamizidwe kugwirana naye chanza kapena kukhala mnzake. Ngati sakufuna n'komwe kukumana naye, kalata yaifupi ikwanira. Nkhani ya anyamata a Sitandade 7 ija inafunika kukafika kwa ahedi kudzera mwa makolo, osati mwana akalimbane nayo yekha. Bambo aja nawonso tinawaitana kuti tikambe nawo za lamba uja, chifukwa mwana wovulazidwa sitingangomumanga bandeji n'kumubweza.

Pamene makolo ambiri amagwa ndi sabata yachiwiri. Mkwiyo watha, ndalama yabwezedwa, aliyense waiwala. Pemphani nambala ya mphunzitsi wa kalasi, mugwirizane kuti Lachisanu lililonse muzifunsa mmene sabata yayendera mpaka teremu ithe, ndipo mwanayo adziwe kuti mukufunsa. Mumuphunzitsenso chochita mtima ukatentha, monga kuchokapo n'kukauza mphunzitsi, ndipo muyeserere naye kunyumba, inu mukhale ngati mnzake womuputa. Sabata ikayenda bwino mumuuze chenicheni chimene mwamva, monga kuti aphunzitsi akuti Lachitatu anakuputa koma unachokapo. Akabwerezanso kamodzi musati zakanika. Bwererani pa kufunsa kuja.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira Lachisanu. Mwana akamatenga mpeni kapena lezala kupita nazo kusukulu, akamazunza ziweto mosangalala, akamayatsa moto dala, akamagwira ana ena malo obisika, kapena akayamba kunena zofuna kufa, bwerani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhani ifikenso kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma kwanuko. Mwana wogwira anzake malo obisika nthawi zina amakhala kuti naye wina anamuchita zomwezo, choncho musamukalipire musanamumve. Kuno ku Malawi mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza pa nkhani za ana. Kholo likhoza kuimba, mwana nayenso akhoza kuimba yekha.