Kalata ya mzamba ilembedwe msanga, ndipo inene zoona

Mzamba akagogoda pa ofesi ya sisitala wamkulu wa wodi ya amayi n'kunena kuti, "Amayi, ndapeza mwayi ku Mangalande, akufuna kalata ya umboni yochokera kwa inu," wolandira pempholi mtima umamupweteka. Tikumvetsa. Amene akuchokayo ndi uja amagwira usiku osadandaula, uja amaphunzitsa ana asukulu kudzaza patogilafu, ndipo palibe akudziwa kuti wolowa m'malo mwake abwera liti. Komabe ife tikuti kalatayo ilembedwe, isagonere mu dilowa, ndipo inene ntchito yeniyeni imene mzambayo amagwira.

Tiyambe ndi chifukwa chimene ena amakanira. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa maiko 55 amene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linatulutsa mu 2023, maiko amene ogwira ntchito zachipatala ndi operewera kwambiri. Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe alinso pomwepo. Chifukwa cha mndandandawu, dziko la Britain limaletsa zipatala zake ndi makampani olemba anthu ntchito kudzakopa anamwino ndi azamba kuno. Koma lamulo lomwelo silitseka njira ya munthu amene wadzipezera yekha malo n'kufunsira mwachindunji kwa olemba ntchito. Choncho woyang'anira amene akukana kulemba ponena kuti "malamulo salola" walakwitsa. Ngati mzambayo anaphunzira pa ndalama za boma kapena za chipatala cha mpingo ndipo zaka za pangano lake sizinathe, imeneyo ndi nkhani yoona, koma ikambidwe poyera ndi a ofesi yoona za ogwira ntchito. Kusunga kalata miyezi itatu kuti munthu agwe mphwayi sikuonjezera mzamba pa wodi. Kumangosiya pa wodi munthu wokwiya amene mtima wake unapita kale.

Pali chisokonezo china chofala. Kalata ya woyang'anira si yofanana ndi chikalata chimene Bungwe la Anamwino ndi Azamba la m'dziko muno limatumiza ku bungwe linzake la kunja, monga NMC ya ku Britain kapena NMBI ya ku Ireland. Cha bungwecho chimatsimikiza kuti munthuyo ali m'kaundula ndipo alibe mlandu. Mayeso a Chingerezi komanso mayeso a pa kompyuta ndi a manja amene NMC imafuna, nawonso ali ndi ntchito yawo. Koma zonsezi sizinganene mmene mzamba amachitira mayi akayamba kutaya magazi 2 koloko ya usiku, dokotala ali ku fiyeta. Zimenezo amazidziwa ndi amene anaima naye pambali pa bedi, ndipo n'chifukwa chake kalata ya sisitala ili ndi mphamvu imene pepala lina lililonse lilibe.

N'zomvetsa chisoni kuti makalata ambiri amataya mphamvuyo. Amangoti munthuyu ndi wolimbikira, waulemu, woopa Mulungu, wogwirizana ndi anzake. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma wowerenga ku Leeds kapena ku Cork sapezamo kanthu kogwira, popeza mawu omwewo akhoza kunenedwa za kalaliki kapena dalaivala wa ambulasi.

Tipereke chitsanzo chongoyerekeza. Mzamba wagwira zaka zinayi pa chipatala cha boma, zitatu mwa izo m'chipinda chochilira. Sisitala ayambe ndi kudzitchula yekha: dzina, udindo, nambala yake ya m'kaundula wa bungwe, ndi mwezi umene anayamba ndi kusiya kumuyang'anira mzambayo. Masikuwa agwirizane ndi amene mzambayo analemba pa fomu yake. Zipatala za boma ku Britain zimafuna umboni wa zaka zitatu zapitazo popanda mpata wosafotokozedwa, ndipo kusiyana kwa miyezi iwiri yokha kumabweretsa mafunso amene amachedwetsa zonse. Sisitala atchulenso gulu la mzambayo mosabisa, ngati ndi mzamba wa digiri kapena wa dipuloma ya utekinishani, chifukwa mabungwe a kunja saona magulu awiriwa mofanana, ndipo kubisa lero kumadzaululika akaitanitsa mapepala a ku koleji.

Kenako atsegule kaundula wa m'chipinda chochilira n'kuwerenga. Ngati buku likuonetsa kuti mzambayo anachiritsa amayi 300 chaka chatha, alembe 300, ndipo anene kuti watenga m'kaundula. Chiwerengero chotero chimalankhula chokha, poti ku Ulaya wophunzira uzamba amafunika kuchiritsa amayi 40 kuti amalize maphunziro. Afotokoze zimene mzambayo amachita payekha: kupereka okisitosini mwana akangobadwa, kuchotsa ndi dzanja nsengwa yokanirira, kuyamba maginiziyamu salifeti kwa mayi amene magazi akuthamanga kwambiri ndipo wayamba kukomoka, kusoka pong'ambika, kupumitsa khanda ndi kathumba kopopera mpweya m'mphindi yoyamba. Pakhale nkhani imodzi imene sisitalayo anaiona ndi maso ake: mayi wataya magazi opitirira theka la lita, mzamba anasisita chiberekero, anaika madiripi awiri, anaitana thandizo, analemba nthawi ya chilichonse. Dzina la mayiyo, mudzi wake ndi tsiku lenileni zisalowemo, chifukwa chinsinsi cha wodwala sichitha ndi kalata yopita kunja.

Gawo lovuta ndi lonena zimene mzambayo sanagwirepo. M'zipatala zathu zambiri mtima wa mwana wosabadwa timaumvera ndi kachitoliro kapena kamakina ka m'manja, pamene kunjako mzamba amayembekezeka kuwerenga pepala la makina olemba kugunda kwa mtima wa mwana ndi kukoka kwa chiberekero. Jakisoni wa pamsana wothetsa ululu pochira ndi wosowa kuno. Sisitala wokonda mzamba wake amafuna kudumpha zimenezi, kapena kulemba kuti amazidziwa. Asatero. Chiganizo chimodzi chonena kuti makinawo pa wodi pathu palibe ndipo adzafunika kuphunzitsidwa chimamuteteza mzambayo, chifukwa kumeneko adzamuikira womuphunzitsa. Bodza limamuika yekha pa bedi la mayi ndi pepala limene satha kuliwerenga, ndipo zikalakwika, kalata ija imatulutsidwa m'faelo ili ndi siginecha ndi nambala ya amene anailemba.

Chimodzimodzi ngati panali mlandu. Chenjezo lolembedwa limene lili m'faelo litchulidwe mwachidule fomu ikafunsa, pamodzi ndi mmene nkhaniyo inathera. Koma mphekesera za pa wodi, mkangano wa pa ndandanda ya usiku, kapena madandaulo amene sanafufuzidwe, zilibe malo m'kalata. Woyang'anira amene akuona kuti sangalembe zabwino amuuze mwini wake pamaso, kuti akapemphe kwa wina amene anamuyang'anirapo.

Kwa azamba nawonso tili ndi mawu. Chizolowezi chodzilembera wekha kalata n'kupita nayo kuti "Amayi, ingosainani apa" chithe. Wowerenga makalata ambiri amazindikira msanga kalata imene mawu ake akufanana ndi a m'kalata yofunsira ntchito. Bweretsani masiku, ziphaso ndi ziwerengero, koma mawu akhale a woyang'anira.

Ndipo kwa akuluakulu a zipatala, pempho lathu ndi laling'ono. Olemba ntchito kunja amakayikira umboni wochokera pa imelo ya munthu payekha, ndipo kawirikawiri amalemba kapena kuimba foni kuti atsimikize. Masisitala ambiri alibe imelo ya chipatala. Pakhale adiresi imodzi ya ofesi ya matironi imene wina amaitsegula sabata iliyonse, pepala la chizindikiro cha chipatala, chidindo, ndi lamulo lakuti pempho la kalata liyankhidwe pasanathe masabata awiri. Kope la kalata iliyonse lisungidwe m'faelo ya mwini wake, kuti sisitala amene anailemba akasamutsidwa kapena kupuma pa ntchito, foni yochokera kunja ipeze woiyankha.