Puresha Si Mphamvu, Lekani Kutisokoneza

Pali omasulira ena amene akangomva liwu lobwereka amacita tsinya. Iwo akuti pa mapepala a mainsipekita oyendera maboila tisalembe "puresha", tizilemba "mphamvu", cifukwa ndico ciNyanja ceniceni. Ine ndikuti ayi. Ukatswiri wa cinenero wotere ukhoza kupha woyatsa moto wa boila.

Boila ndi cithanki cotseka cimene cimawiritsa madzi kuti apange nthunzi. Puresha ndi mmene nthunziyo ikukankhira zitsulo kucokera mkati, ndipo imawerengedwa pa geji m'mabaa. Osati baa ya mowa, anzanga. Koma "mphamvu" ndi ciani? Ya malaiti ndi mphamvu, ya injini ndi mphamvu, kulimba kwa citsulo nakonso ena amati mphamvu. Insipekita akalemba kuti "mphamvu yakwera", kodi boila yalimba kapena ifuna kuphulika?

Tengani boila yololedwa kusewenza pa mabaa 10. Poiyesa, amazimitsa moto, n'kuidzaza madzi mpaka mpweya wonse utacoka. Kenako amapopa mpaka geji ifike pamwamba pa malire ake, tinene mabaa 15, n'kuyang'ana ngati pali podontha kapena ngati singano ya geji ikutsika. Amayesa ndi madzi osawira cifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya: citsulo cikang'ambika, amangodontha ndipo puresha imagwa pomwepo.

Tsono pa lipoti pali manambala awiri, 10 ndi 15. Womasulira akawacha onse "mphamvu ya boila", woyatsa moto adzaganiza kuti 15 ndiye malire. Komatu moto ukuyaka nkhani ndi ina. Pa mabaa 10 madzi amakhala atatentha kupitirira madigiri 180. Citsulo cikang'ambika pamenepo, gawo la madziwo limasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo ndiko kuphulika kumene kumagwetsa zipupa.

Mayina awiriwa azisiyana poyera. Loyamba likhale "puresha yosapitirira moto ukuyaka". Laciwiri likhale "puresha yoyesera ndi madzi, moto utazima". Ndi aatali, inde, koma palibe angawasokoneze.

Cimodzimodzi sefeti valuvu. Kuicha "valuvu yacitetezo" n'kokoma m'khutu, koma sikuuza munthu kanthu. Ichuleni ndi nchito yake: "valuvu yotseguka yokha puresha ikapyola malire". Munthu wodziwa zimenezi akaimva ikulira amathamangira kukaona geji, osati kuimanga ndi sipanala kuti ikhale cete.

Amene amati zonse zingokhala m'Cizungu nawonso akulakwa. Lamulo la mafakitale la Zambia linalembedwa m'Cizungu, koma insipekita amalankhula ndi munthu amene wagwira fosholo ya malasha, ndipo munthuyo ayenera kumva bwinobwino.

Omasulira inu, siyani puresha, geji ndi valuvu momwe zilili. Lembani liwu lanu, mupite nalo kwa woyatsa moto, mumufunse kuti aloze nambala imene sayenera kupitirira. Akaloza 15, fufutani, mulembenso.