Madontho a M'cithunzi ndi Kulemera Kwace

Ambiri a ife tinamvapo foni ikudandaula kuti malo atha, kapena tinaona deta ya mwezi wathunthu ikusungunuka m'mlungu umodzi. Kawiri-kawiri mlandu umakhala wa zithunzi. Tiyeni tsono tione cimene cimalemeretsa cithunzi.

Cithunzi ca m'foni cimapangidwa ndi timadontho ting'ono-ting'ono tondandalikidwa m'mizere, monga mikanda yolukidwa pa lamba. Dontho lililonse lili ndi mtundu umodzi wokha, ndipo akatswiri amalicha pikiselo. Madontho akaculuka, cithunzi cimaonetsa ngakhale makwinya a pa nkhope ndi maluwa a pa citenje. Akacepa, zonsezo zimasakanikirana. Koma dontho lililonse liyenera kusungidwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Titenge foni imene kamera yace ndi ya mamegapikiselo 12. Cithunzi cace cimakhala ndi madontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, onse pamodzi 12,000,000. Dontho limodzi limafuna mabaiti atatu, posunga muyeso wa kufiira, kubiriwira ndi kamtambo. Motero cithunzico cikanakhala ca mamegabaiti 36, koma foni imacifinya mwa njira ya JPEG mpaka citsale ca mamegabaiti atatu kapena anai.

Mlimi adzamva msanga cimene cimacitika pano. Mukawirikiza munda m'litali ndi m'lifupi momwe, mapando saculuka kawiri ai, koma kanai, ndipo mbeu yofunika ndi kanainso. Cimodzimodzi ndi cithunzi. Ca madontho 2,000 kwa 1,500 cimamveka ngati theka la cija, pamene cili ndi madontho 3,000,000 cabe, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anai. Kukwera pang'ono m'mbali kumabala katundu wambiri.

Nanga galasi limene tikuonerapo lingalandire madontho angati? Mafoni ambiri a mtengo wotsika ali ndi madontho 720 m'lifupi. Foni itaimirira, cithunzi cathu cija cikadzaza galasi kucokera kumanzere kufika kumanja cimaoneka ndi madontho 720 kwa 540, amene ndi 388,800. Ndiye kuti pa madontho 30 alionse amene tinatumiza, diso limalandira limodzi lokha. Foni imawaphatikiza kuti akwane. Amene watuma walipira, wolandira walipiranso, koma cooneka n'cimodzimodzi.

Cifukwa cace, ngati cithunzi ndi congoonera pa foni, ife tiona kuti ca madontho 1,600 kwa 1,200 cikwanira, ndipo cimasiyako mpata wakuti munthu acikulitse ndi zala. Coteroco cimalemera pafupi-fupi theka la megabaiti. Mu gigabaiti imodzi mungalowe zithunzi zotere ngati 2,000, pamene zija za mamegabaiti anai zingalowe 250 basi. WhatsApp imacepetsa yokha zithunzi potumiza, ndipo mu 2023 inaonjezera kabatani ka HD ka ofuna madontho ambiri. Sikuti kayenera kudinidwa pa cithunzi ciriconse.

Komabe pali nthawi zimene kuumira kumapweteka. Taganizani cithunzi ca pa ukwati, anthu makumi anai ataima m'mizere iwiri. M'cithunzi ca madontho 4,000, nkhope imodzi ingatenge madontho 80 m'lifupi, ndipo agogo adzazindikira mdzukulu wao. Cikacepetsedwa kufika pa 720, nkhopeyo imatsala ndi madontho 14, ndipo mukakulitsa mumangoona timabokosi. Kalata, satifiketi ndi lisiti zili momwemonso: zilembo zazing'ono ndizo zimayamba kufa. Musanatumize, kulitsani mzere wa zilembo zazing'ono koposa. Ngati simungauwerenge, tumizani cithunzico cathunthu posankha Document. Ofuna kusindikiza adziwe kuti osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi imodzi, kotero cithunzi ca mainchi 6 kwa 4 cifuna madontho 1,800 kwa 1,200.

Cinthu cina cimanyenga ambiri. Madontho oculuka sangacize cithunzi cimene cinajambulidwa mu mdima kapena dzanja likunjenjemera. Cizindikiro cace n'cakuti mukakulitsa simuona timabokosi, koma zonse zimaoneka zopakika ngati utsi. Coteroco ndi colemera ndiponso cosaoneka bwino, ndipo kucisunga cathunthu n'kungotaya malo.

Kumbukiraninso kuti kucepetsa ndi njira yopita kokha. Madontho amene atayidwa sabwerera, ngakhale cithunzico citakulitsidwa pambuyo pace. Tsono cithunzi coyamba ca ukwati uja cikhale kwa amene anajambula, pa kakhadi kosungira kapena pa kompyuta, ndipo abale akutali alandire cocepetsedwa.