Chimangirizo cha Nthondo Si Mndandanda wa Makhalidwe

Tsiku lina ndili pa sukulu ina ya sekondale m'dera la Mfumu Mlonyeni ku Mchinji, ndidapatsa ophunzira a Fomu 4 funso ili: "Fotokozani mmene moyo wa Nthondo ukuonetsera kuti munthu angathe kusintha." Nditasonkhanitsa makope, ndidapeza kuti ambiri adalemba ngati munthu mmodzi. Nthondo adali wakuba. Nthondo adali wosamvera. Nthondo adali wolimba mtima. Ena adatsiriza ndi mawu akuti buku likutiphunzitsa kuti kuba n'koipa. Zonsezi zidali zoona, koma palibe amene adayankha funso langa. Cholakwa sichidali cha anawo, pakuti adalemba zimene adapatsidwa pabolodi ndi kuloweza.

Maganizo anga ndi akuti mphunzitsi amene amalembetsa mndandanda wa makhalidwe a mpangankhani tsiku lina, ndi mndandanda wa mfundo zazikulu tsiku linanso, akulekanitsa zinthu zimene mlembi adaziluka pamodzi, ndipo ophunzira ake adzavutika m'chipinda cha mayeso. Inu amene muli pafupi kukayamba ntchito ya uphunzitsi, ndifuna tiganizire nkhaniyi pogwiritsa ntchito buku la Nthondo, limene lidaikidwa pakati pa mabuku a Chichewa a mayeso a MSCE.

Bukuli adalemba ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidapambana mphotho pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Afirika ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, 1934, lidatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, atalimasulira T. Cullen Young. Nkhani yake itsata munthu mmodzi kuchokera kubadwa mpaka imfa. Nthondo adataya bambo ake akali wamng'ono, adakula ndi dzanja lalitali, adapita kutali kukagwira ntchito, adabwerera kwawo nalowa ufumu, ndipo pambuyo pake adalandira Chikhristu. Mukaona kayendedwe kameneka muona pomwepo vuto la mndandanda. Mawu akuti "Nthondo adali wakuba" ndi oona pa mnyamata wa m'mitu yoyamba, koma si oona pa mfumu ya m'mitu yotsiriza. Mndandanda sunena nthawi imene khalidwelo lidaoneka, pamene buku lonse likufotokoza mmene munthu adasinthira m'kupita kwa zaka.

Tsono chinthu choyamba chophunzitsa ndi kuwerenga funso. Wophunzira adule mzere kunsi kwa mawu atatu: mawu olamula, dzina la mpangankhani, ndi mfundo yaikulu. M'funso langa lija mawu olamula ndi "fotokozani mmene", mpangankhani ndi Nthondo, mfundo yaikulu ndi kusintha kwa munthu. Funso likati "tchulani", mndandanda ukwanira. Likati "fotokozani mmene", lifuna kuti wophunzira aonetse njira imene chochitika china chidabalira chinzake. Ana ambiri amagwa pomwepa, chifukwa akangoona dzina la Nthondo amakhuthula zonse zimene adaloweza, osaonanso mawu ena onse a funsolo.

Chachiwiri ndi kusonkhanitsa umboni, ndipo ntchito imeneyi iyenera kuyamba tsiku limene kalasi iyamba kuwerenga bukulo, osati sabata yomaliza mayeso asanafike. Wophunzira aliyense agawe tsamba la kope lake m'mizere inayi yotsika. Mzere woyamba alembe mutu ndi tsamba la buku. Wachiwiri alembe chimene Nthondo adachita. Wachitatu alembe chimene chidamchititsa kutero. Wachinayi alembe chimene chidatsatira, kwa iye mwini ndi kwa anthu a pamudzi. Mzere wachiwiri ndi umene umabala khalidwe, pamene wachitatu ndi wachinayi ndi imene imabala mfundo yaikulu. Mwana amene wadzaza mizere imeneyi pa zochitika zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, zotengedwa koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa buku, ali ndi nkhokwe yoyankhira funso lililonse lokhudza Nthondo.

Chachitatu ndi kumanga ndime. Ndime iliyonse ya m'thunthu la chimangirizo ikhale ndi miyendo itatu ngati mafuwa: ganizo limodzi, chochitika cha m'buku chochitira umboni ganizolo, ndi mawu olumikiza umboniwo ku funso. Taonani ndime imene ana ambiri amalemba: "Nthondo adali wakuba. Ankaba zinthu za anthu. Kuba n'koipa ndipo tisamabe." Ndime imeneyi ili ndi ganizo, koma umboni wake ndi wongoyandama, popeza sukutchula chochitika chenicheni, ndipo fuwa lachitatu palibe. M'malo mwake muli ulaliki. Njira yosavuta yozindikirira ndime yotere ndi iyi: fufutani dzina la Nthondo ndi kulembapo dzina la wakuba wina aliyense. Ngati ndimeyo ikumvekabe bwino, ndiye kuti si ndime ya buku ili.

Tsopano taonani mmene funso lomwe lija lingayankhidwire. Chiyambi chikhale cha ziganizo ziwiri kapena zitatu zokha: chitchule buku, mlembi, ndi yankho la wophunzira, monga kunena kuti Nthondo adasintha pang'onopang'ono kupyolera m'mavuto, m'udindo ndi m'chipembedzo. Ndime yoyamba ya thunthu ionetse pamene munthuyu adayambira: mwana wokula popanda bambo, amene adazolowera kutenga za eni. Apa wophunzira atchule chinthu chimodzi chimene Nthondo adaba, mwini wake, ndi zimene zidatsatira, monga buku lifotokozera. Kenaka alumikize ponena kuti mlembi adayamba ndi kutionetsa kuipa kwa mnyamatayu kuti kusintha kwake kudzaoneke kukula kwake. Ndime yachiwiri itenge ulendo wa kuntchito ndi zimene adakumana nazo kutali ndi kwawo. Ndime yachitatu itenge ufumu, ndipo ingathe kumveka motere: "Ufumu udaika Nthondo pamalo pamene sakadathanso kudziganizira yekha. Munthu amene kale mudzi unkadandaula naye tsopano adakhala woyang'anira mudzi ndi womva madandaulo a ena. Pamenepa mlembi akutionetsa kuti udindo ungathe kusintha munthu amene chilango chidalephera kumsintha." Ndime yachinayi itenge kutembenuka mtima kwake. Mathero abwereze yankho m'mawu ena, osaonjezapo chochitika chatsopano.

Mwaona kuti m'dongosolo limeneli palibe ndime ya khalidwe payokha ndi ya mfundo yaikulu payokha. Ndime iliyonse iyamba ndi munthu ndi kutsiriza ndi mfundo. Muonenso kuti wophunzira sadafotokoze buku lonse. Kubwereza nkhani kuchokera kubadwa kwa Nthondo mpaka maliro ake ndi msampha wachiwiri, ndipo umagwira makamaka ana amene adawerenga bukulo mwakhama. Chizindikiro chake ndi mawu akuti "kenaka" ndi "pambuyo pake" obwera m'chiganizo chilichonse, pamene mawu akuti "chifukwa" ndi "izi zikuonetsa kuti" sakuoneka. Pochonga makope, zungulizani mawu amenewa ndi inki yofiira, ndipo mwanayo adzadzionera yekha ngati akusimba nthano kapena akuyankha funso.

Ndidziwa kuti ena mwa inu mudzanena kuti zimenezi n'zosatheka m'sukulu zathu za kumudzi, kumene ana angapo amagawana buku limodzi ndipo kalasi ndi yaikulu. Mudzati mndandanda umapulumutsa mwana wofooka, popeza amapezako kanthu kolemba. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sindikuti mawu ofotokoza khalidwe atayidwe. Mwana ayenera kudziwa kusiyana kwa munthu wamwano ndi wolimba mtima, kapena wochenjera ndi wachinyengo. Koma kusowa kwa mabuku ndiko chifukwa chenicheni chofunira mizere inayi ija, pakuti mwana amene sadzagona ndi buku kunyumba adzagona ndi kope lake. Ngati m'kopemo muli mawu asanu okha ofotokoza khalidwe, adzayankha funso limodzi. Ngati muli zochitika ndi zifukwa zake, adzayankha mafunso ambiri. Za kukula kwa kalasi, sikofunika kuchonga zimangirizo zathunthu sabata iliyonse. Lembetsani ndime imodzi yokha m'mphindi khumi, ana asinthane makope, ndipo aliyense afune mafuwa atatu aja m'ndime ya mnzake.

Mphunzitsi wa ku Mlonyeni ali ndi mwayi wina umene ayenera kuugwiritsa ntchito mosamala. Deralo lili m'malire ndi Zambia, kufupi ndi Chipata, ndipo ana ake amadziwa bwino za anthu opita kutali kukafuna ntchito nabwerera atasintha. Ndiponso ndi dera la ufumu wa Chingoni kumene Angoni ndi Achewa akhalira limodzi zaka zambiri, kotero ana angathe kukambirana kusiyana kwa mwambo wa Chichewa, umene umatsata mbumba ndi mphamvu ya malume, ndi wa Chingoni umene umatsata bambo. Kukambirana kotere kumathandiza mwana kumvetsa mudzi wa Nthondo. Koma muwachenjeze kuti zimene amalume awo adachita ku Chipata si umboni wa m'chimangirizo. Woyesa adzafuna zimene zili m'buku.

Chotsiriza n'chakuti musawaletse ana anzeru kutsutsa. Nthara adali munthu wa mishoni, ndipo buku lake lidatsiriza ndi kupambana kwa chikhulupiriro chimene iye ankaphunzitsa. Wophunzira angathe kufunsa ngati chidasintha Nthondo ndi Chikhristu chokha, kapena ngati ukulu ndi ufumu zidali zitayamba kale ntchitoyo. Mayankho onse awiri ndi ololedwa malinga aime pa zochitika za m'buku. Mwana amene wafika pofunsa funso lotere wadutsa kale pa kuloweza, ndipo ntchito yanu ndi kumuonetsa mmene angaliikire m'ndime ya miyendo itatu. Tsono pamene mudzapite kukayeserera kuphunzitsa, musanalembe pabolodi liwu lililonse lofotokoza khalidwe la Nthondo, yambani mwafunsa kalasi kuti adachita chiyani, pa tsamba liti, ndipo chidatsatira n'chiyani. Liwu la khalidwelo lidzatuluka pakamwa pa anawo, ndipo adzalikumbukira pamodzi ndi umboni wake.