Bwana, matumba 120 aja alembedwa pa dzina la yani?

Kwa Bwana oyang'anira zamalonda ku ofesi ya ku Chipata,

Ndakuimbirani foni kanayi, ndipo nditafika ku depoti pa boma la Lundazi anandiuza kuti mwapita ku Lusaka. Ndiye ndati ndilembe imelo, mukaiwerenge muli ndi kakyuleta pafupi. Komishoni yanga ya mbewu ya chimanga yomwe ndinagulitsa kuno ku Kapichila yapelewera ndi K2,295, ndipo ndikudziwa pamene yatayikira.

Pangano lomwe tinasainirana likuti ndizilandira K5 pa K100 iliyonse ya mbewu yomwe yagulidwa ndi kulipiridwa. Thumba la makilogalamu 10 munaliika pa K450, choncho yanga pa thumba limodzi ndi K22.50. Mu Okutobala ndinagulitsa matumba 120, mu Novembala 200, mu Disembala 80. Onse pamodzi ndi 400. Pa amenewa, 20 ndinabweza ku depoti chifukwa anang'ambika ndi kunyowa pa lole, ndipo sindikuwawerengera. Otsala ndi 380. Matumba 380 pa K22.50 ndi K8,550. Mukachotsapo msonkho wa ZRA wa 15 peresenti umene mumadula pa komishoni, womwe ndi K1,282.50, zofika m'manja mwanga zimayenera kukhala K7,267.50.

Pa foni panga panalowa K4,972.50.

Poyamba ndinkaganiza kuti mwadula msonkho kawiri, kapena mwandilipiritsa matumba onyowa aja. Ndinakhala pansi usiku ndi buku la malisiti ndi tochi, ndikuwerengera chobwerera m'mbuyo. K4,972.50 ndi ndalama yotsala mukachotsa msonkho pa K5,850, ndipo K5,850 mukaigawa ndi K22.50 imapereka matumba 260 ndendende, popanda ngwee yotsala. Apo ndipo ndinadziwa kuti msonkho uli bwino, mtengo uli bwino, koma matumba 120 sanalowe m'chiwerengero.

Matumba amenewa ndikuwadziwa ngati ana anga. Si a Okutobala ayi, ngakhale nambala ikufanana. Ndi a kopaletivi ina ya alimi yomwe inagula pamodzi mu Novembala. Ndinapalasa njinga katatu kupita ku misonkhano yawo pansi pa mtengo wa mango, nditanyamula zisononkho za m'munda wachitsanzo kuti azione okha. Lole itakanika kutsika kudambo mvula yoyamba itagwa, ndine ndinapeza ngolo ziwiri, ndipo ndinalipira eni ng'ombe ndi ndalama zam'thumba mwanga. Zimenezo sindikuzifuna pano, ndangozitchula kuti muone kuti malondawo sanabwere okha pa ofesi.

Cholakwika chinachitikira ku banki. K54,000 ndi ndalama yoti munthu sangayende nayo pa njinga, ndiye ndinawalangiza a msungichuma awo kuti akaiike okha mu akaunti ya kampani pa boma, monga inuyo munatiuzira pa maphunziro. Iwo pa silipi analemba dzina la kopaletivi, osalembapo nambala yanga ya uejenti. Kalaliki wanu ataona ndalama yopanda nambala ya ejenti, anailemba ngati malonda a pa depoti. Ndinayenera kuwakumbutsa za nambalayo, ndipo pamenepo ndikuvomera. Koma pangano likunena za mbewu yomwe ndagulitsa ndipo yalipiridwa, silikunena za mmene silipi yalembedwera.

Simukuyenera kukhulupirira mawu anga okha. Ndaphatikiza pa imeloyi zithunzi zitatu: chikalata chotulutsira katundu ku depoti, chomwe chikusonyeza matumba 120 pa nambala yanga ndi siginecha ya woyang'anira nyumba ya katundu, tsamba la kaboni la m'buku langa la malisiti, pomwe a pampando a kopaletivi anasaina kuti alandira, ndi silipi ya ku banki ya K54,000. Muyerekeze tsiku la silipi ndi mzere wa malonda a pa depoti m'buku lanu la Novembala. Mukapeza K54,000 yomweyo, pomwe palibe thumba lomwe linatuluka pa kauntala tsiku limenelo.

Chotsala ndi ichi: matumba 120 pa K22.50 ndi K2,700, kuchotsa msonkho wa K405, zatsala K2,295. Mukaiphatikiza ndi K4,972.50 yomwe ndalandira kale, ikukwana K7,267.50 ija.

Bwana, ndalamayi ndinaiwerengera feteleza wobereketsa, ndipo chimanga changa chafika m'mawondo, masamba ayamba chikasu. Chonde isanathe sabata ya mawa, mutumize K2,295 pa nambala yomwe munatumizira zoyamba, pamodzi ndi chikalata chosonyeza msonkho wonse wa K1,282.50 kuti ndikhale nacho. Ngati pali pamene masamu anga apotoka, mundiyankhe molemba, mundisonyeze mzere wake.

Ndine wanu,
Ejenti wanu wa mbewu ku Kapichila